Banki ilipira mapepala, osati nandolo wanu

"Wogula wa ku India watitsegulira LC ya nandolo. Chingerezi chake chandizunguza mutu. Ndikatumiza katundu wabwino, ndalama ndilandira ndithu?"

Ayi achimwene, ubwino wa nandolo pawokha sukulipiritsani. LC ndi lonjezo la banki ya wogula kuti idzakulipirani mukapereka mapepala amene yatchula, pa nthawi imene yatchula. Malamulo oyendetsera ma LC otchedwa UCP 600, amene anayamba kugwira ntchito mu 2007, amanena poyera kuti banki imaona mapepala, katundu saiona ayi. Ili ndi masiku 5 a ntchito owafufuza, ndipo ikapeza cholakwika ikhoza kukana. Zikatero mwatsala m'manja mwa wogula, kuti avomere kapena ayambe kunenerera mtengo.

Tiyerekeze kuti yanu ili ndi mizere iyi:

```
31D: 251021 INDIA
44C: 250930
45A: ABOUT 100 MT PIGEON PEAS
46A: FULL SET CLEAN ON BOARD BILLS OF LADING
48: 21
```

Mzere umene ndimaopa kwambiri kwa ife a dziko lopanda nyanja yamchere ndi 44C. Manambala 250930 akutanthauza 30 Seputembala 2025, tsiku lomaliza loti katundu akhale atakwera m'sitima ku doko, ku Nacala kapena ku Beira, osati tsiku limene lole yanyamuka ku Limbe. Makontena akakhala pa doko mpaka pa 2 Okutobala kudikira sitima, mwachedwa, ngakhale kuti inu munapakira kalekale. Mawu akuti ON BOARD, pa chikalata cha katundu chochokera kwa eni sitima chotchedwa BILL OF LADING, ndiwo amanyamula deti limeneli. CLEAN sakunena za ukhondo wa nandolo, koma kuti eni sitima asalembe pa chikalatacho kuti katundu kapena matumba ake ndi owonongeka. FULL SET ndiye kuti zikalata zenizeni zonse zimene zatulutsidwa, kawirikawiri zitatu, osati mafotokope.

Tsopano werengani masiku. Katundu akakwera pa 28 Seputembala, masiku 21 operekera mapepala, a mu mzere 48, atha pa 19 Okutobala, ndipo Loweruka ndi Lamlungu akuwerengedwa. Koma onani 31D: LC ikutha pa 21 Okutobala, ndipo ikuthera ku India, choncho mapepala ayenera kukhala atafika kumeneko, osati kungofika ku banki yanu ku Blantyre. Ejenti wa ku doko akachedwetsa zikalata sabata imodzi, nthawi yotsala ndi yochepa zedi. Ine ndikanapempha kuti LC ithere ku Malawi, pa banki yanu.

ABOUT amakulolani kupitirira kapena kuperewera ndi 10 peresenti, matani 90 mpaka 110. Samalani apa: ngati ndalama za mu mzere 32B sanazipatse mpata womwewo, matani owonjezerawo banki siilipira. Pa invoisi koperani mawu a mu 45A monga alili, musawakometse.

Mzere uliwonse umene simungaukwanitse, uzani wogula apemphe banki yake iusinthe. Musapakire thumba ngakhale limodzi kusinthako kusanakufikeni kudzera ku banki yanu; lonjezo la pa foni banki siilidziwa.