Gwero la kalenti likakhala pakati pa malupu awiri

"Alangizi, ndimawerengera magetsi ndi njira ya meshi, koma ndikapeza gwero la kalenti pa nthambi imene malupu awiri akugawana ndimangokakamira. Volteji yake ndilembe chiyani?"

Musailembe, bambo, chifukwa simukuidziwa. Gwero la kalenti limangotsimikiza kuchuluka kwa kalenti yodutsamo. Volteji yake imatengera zonse zimene zalumikizidwa pamenepo. Choncho malupu awiriwo muwaphatikize akhale lupu imodzi yaikulu, imene amati supameshi, ndipo muyende m'mbali mwake osalowa nthambi yapakatiyo.

Tiyeni tiyesere. Lupu ya kumanzere ili ndi batire ya mavoti 24 ndi rezisita ya maomu 4. Ya kumanja ili ndi rezisita ya maomu 6. Pakati pali gwero la maampiya 2, muvi wake ukuloza m'mwamba. Makalenti I1 wa lupu ya kumanzere ndi I2 wa lupu ya kumanja onse akuzungulira monga muvi wa wotchi, mbali imene batire ikukankhira.

Mukazungulira m'mbali motsata lamulo la Kirchhoff la volteji, mupeza ikweshoni imodzi yokha. Rezisita iliyonse ichulukitsidwe ndi kalenti ya lupu yake, musaiwale zimenezo. Ikweshoni yachiwiri ichokera ku gwero lija. Pa nthambi yapakati I1 ikutsika, I2 ikukwera, ndiye yoyenda ndi muvi ndi I2:

```
4*I1 + 6*I2 = 24
I2 - I1 = 2
```

Ikani I1 + 2 m'malo mwa I2. Mutsala ndi 10*I1 = 12, kutanthauza kuti I1 ndi maampiya 1.2, I2 ndi 3.2. Volteji imakuvutani ija tsopano yatuluka yokha: 6 kuchulukitsa ndi 3.2, mavoti 19.2. Mukachotsa 4.8 wa rezisita yakumanzere pa 24 mupezanso 19.2 yemweyo.

Pamene ambiri amagwa mpa ikweshoni yachiwiri, ndipo apa ndikupemphani mudekhe. Mukatembenuza nkulemba I1 - I2 = 2, mupeza 3.6 ndi 1.6. Choipa chake nchakuti mayankho olakwikawa amakwanabe mu ikweshoni yoyamba: 14.4 kuphatikiza 9.6 ndi 24 ndithu, munthu nkuganiza kuti wakhoza. Potsimikiza yang'anani pa mfundo yapamwamba pamene nthambi zitatu zakumana. Pakulowa I1 ndi maampiya 2 a gwero, pakutuluka I2. Kuphatikiza 1.2 ndi 2 mupeza 3.2, zagwirizana. Koma 3.6 ndi 2 sizingakupatseni 1.6.

Ena amatenga volteji ya gwero ngati ziro. Mukatero I1 ikhala 6, I2 ikhala ziro, ndipo maampiya 2 aja asowa kolowera.

Pa nthambi yapakati pakakhala rezisita yotsatana ndi gwerolo, nayonso ilambalaleni. Siisintha I1 kapena I2. Imangokweza volteji imene gwero liyenera kutulutsa: ya maomu 3 iwonjezera mavoti 6, gwero lifike pa 25.2.