Mandasi akumwa mafuta? Yambani mwayang'ana shuga

"Ndimaphika mandasi ogulitsa pakhomo. Pa kilogalamu imodzi ya fulawa ndimathira makapu awiri a shuga, paketi imodzi ya yisiti ndi madzi. Ndikakanda ndimadikira mphindi 20 basi chifukwa ndimathamangira ana opita kusukulu, kenako ndimakazinga pambaula. Akumatuluka olemera, oda kunja, ndipo ukafinya mafuta amachita kuchucha. Kodi ndi mafuta amene ndimagulawa kapena dzanja langa?"

Mayi, mafutawo musawanamizire mlandu, ndipo dzanja lanu lilibe vuto. Chimene chikukuonongerani ndi shuga, ndipo mavuto enawo akungotsatira pambuyo pake.

Kapu ya mamililita 250 ikadzaza shuga imalemera pafupifupi magalamu 200. Ndiye kuti inu mukuthira magalamu 400 pa kilogalamu ya fulawa. Shuga wochuluka chonchi amachita zinthu ziwiri. Choyamba, amalanda madzi amene yisiti imafuna, moti m'malo mofufumitsa msanga imagwira ntchito mwaulesi. Ambiri amaganiza kuti popeza yisiti imadya shuga, kuchulutsa ndi kuithandiza, koma ayi ndithu. Chachiwiri, shuga amapserera msanga m'mafuta otentha. Mandasi amafiira kunja pomwe mkati muli mwamuwisi, ndipo wophika aliyense akaona zimenezi amachepetsa makala kuti apse mpaka mkati. Apo ndiye pamene mafuta amalowerera.

Taganizirani zimene zimachitika mandasi akagwa m'mafuta otentha bwino. Madzi a mu fulawa amasanduka nthunzi, nthunziyo imatuluka mwamphamvu, n'chifukwa chake mumaona thovu likuzungulira. Nthunzi ikamatuluka mafuta amavutika kulowa, komanso kunja kumauma msanga n'kupanga kachikopa. Moto ukachepa, nthunzi imafooka, kachikopa kamachedwa kupangika, ndipo mandasi amakhalitsa m'chiwaya akungomwa mafuta ngati thonje.

Ndiye tsitsani shuga afike magalamu 150, kapena kuti kapu imodzi yosadzaza, yotsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati makasitomala anu anazolowera zotsekemera kwambiri, fikani kapu imodzi yodzaza, osapitirira apo. Thiraninso mchere wokwana supuni yaing'ono imodzi ndi theka. M'kalata yanu simunautchule, koma mchere umapangitsa kuti kutsekemera kumveke ngakhale shuga ali wochepa, ndiponso umalimbitsa fulawa wokanda kuti asunge mpweya. Yisiti ya paketi ya magalamu 10 ndi yokwanira. Madzi akhale ofunda pang'ono, oti chala chikhalamo osamva kuotcha, makapu awiri ndi kachigawo pang'ono, pakati pa mamililita 550 ndi 600. Onjezani masupuni aakulu atatu a mafuta kapena majarini. Kandani kwa mphindi 10 mpaka fulawa asalale, akhale wofewa, womata pang'ono koma osakanirira m'manja. Fulawa wouma gwa sadzakupatsani mandasi opepuka ngakhale mum'dikire tsiku lonse.

Za mphindi 20 zija, ndikumvetsa kuti m'mawa mumakhala pa liwiro, koma n'zochepa kwambiri. Fulawa wongokandidwa kumene amakhala wokungika, ukamukoka amabwerera, ndipo mkati mwake mumakhala mulibe mpweya wokwanira. Akapuma, yisiti imadzaza timatumba ta mpweya ndipo kukungika kuja kumatha, ndiye akalowa m'mafuta amafufuma mosavuta n'kuyandama. Mandasi oyandama amakhudza mafuta mbali imodzi yokha, pomwe olemera amamira n'kukhala pansi pa chiwaya.

Vindikirani beseni ndi nsalu yonyowa pang'ono kapena pulasitiki, ndipo mudikire mpaka fulawa akule kuwirikiza kawiri. Nthawi zambiri zimatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Wotchi musaidalire kwenikweni, chifukwa m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu zimatha kufika maola awiri, pomwe mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima mphindi 45 zimatha kukwana. Dalirani chala. Chipakeni fulawa wouma n'kubaya pang'ono. Dzenje likatsekeka nthawi yomweyo, dikirani kaye. Likamabwerera pang'onopang'ono n'kutsala kachizindikiro, wafika. Likangokhala phee, fulawa n'kuphwa, fungo n'kumamveka losasa ngati la mowa, ndiye kuti wapitirira. Wopitirirayu nayenso amamwa mafuta, chifukwa amakhala ndi mabowo aakulu ndi khungu long'ambika.

Pali kupuma kwachiwiri kumene ambiri amakudumpha. Mukadula kapena kuumba, mwafinya mpweya wina, choncho ayaleni pa lichero lowazidwa fulawa pang'ono, muwavindikire, apume mphindi 15 mpaka 20. Imeneyi ndi nthawi yabwino yoyatsira mbaula. Kukhuthala kwake kusapose chala chanu chachikulu. Kwa inu amene mukufuna kugulitsa 6 koloko, ndiye kuti kukanda kuyambe cha m'ma 3 koloko ndi theka. Ngati muli ndi firiji, kandani madzulo ndi theka la yisiti, mugoneke fulawayo mufiriji atavindikiridwa, m'mawa mum'tulutse akhale panja mphindi 30 musanaumbe. Kunja kukutentha musamugoneke pabwalo usiku wonse, mudzam'peza atasasa.

Tsopano moto. Mafuta oyenera amakhala pakati pa madigiri 170 ndi 180. Ambirife tilibe choyezera, koma kachidutswa ka fulawa wokanda kamanena zoona. Kaponyeni m'chiwaya. Kakamira n'kuyandama mutawerenga mpaka katatu kapena kasanu, kali ndi thovu lozungulira, yambani. Kakakhala pansi osachita kanthu, mafuta sanatenthe. Kakada nthawi yomweyo, kapena mafuta akamafuka utsi, apitirira. Phulani chiwaya kwa kanthawi. Pa moto woyenera mbali iliyonse imatenga pafupifupi mphindi ziwiri kuti ifiire bwino.

Mbaula ili ndi khalidwe lake. Makala akangoyaka kumene amaotcha kwambiri, kenako amazilala pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mandasi oyamba amada ndipo omaliza ndi amene amanona mafuta. Dikirani makala ayere pamwamba musanateleke, ndipo muzionjezera pang'onopang'ono m'mbali moto usanagwe. Musadzaze chiwaya ayi. Fulawa wozizira amaziziritsa mafuta, ndiye mukaponya ambiri nthawi imodzi mwadzibwezera nokha pa vuto lija la moto wochepa. Asapitirire theka la pamwamba pa mafuta, ndipo mukavuula gulu limodzi mupatse mafuta mphindi imodzi kuti atenthenso. Kuumira mafuta nakonso sikupulumutsa ndalama: akhale akuya masentimita 5 kapena kuposa, kuti mandasi asagunde pansi. Mafuta amene ada, akutanuka kapena akuchita thovu losatha, atayeni, chifukwa amakanirira pa mandasi.

Mafuta ambiri amalowa mandasi atavuulidwa kale. Akamazizira, nthunzi ya mkati imatha ndipo mafuta amene ali pakhungu amakokedwera mkati. Choncho vuulani ndi chipande chobowola, mugwedeze pamwamba pa chiwaya, muwaimike mu sefa yachitsulo osawaunjika. Musawaike mu bigiri n'kutseka akadali otentha, chifukwa amachita thukuta n'kulefuka. Nyuzipepala yosindikizidwa musayalirepo, inki imamatirira pa chakudya.

Mawa yesani ndi theka la kilogalamu: shuga masupuni aakulu 6, yisiti theka la paketi, madzi kapu imodzi ndi masupuni aakulu atatu. Mukaphula oyamba, ng'ambani limodzi pakati. Mkati mukakhala mouma, muli timabowo, ndipo mafuta angolekeza pakhungu, zayenda. Mukaona mzere wamafuta utalowa mkati pomwe kunja kuli kotuwa, onjezani moto. Kunja kukada koma pakati pali ponyowa, chepetsani moto pang'ono ndipo otsalawo muwaumbe opyapyala.