Lipoti la mijigo: tsamba loyamba ndi la bodi, zotsalazo ndi za mainjiniya

"Achimwene, lipoti langa la mijigo lafika masamba 40. A bodi akuti ndi lalitali, mainjiniya akuti ndisachotsepo kanthu. Ndimvere ndani?"

Musachotse kanthu, mungosamutsa. A bodi amabwera kumsonkhano kudzavomereza kapena kukana chinthu, ndiye tsamba loyamba liwauze chinthucho. Mainjiniya amafuna kutsimikiza ngati mwawerengetsa bwino, ndipo malo awo ndi kumapeto, ku maapendikisi.

Tiyerekeze kuti munayendera mijigo 60 ya Afridev ndipo 14 sikutulutsa madzi. Ambiri amayamba ndi mbiri ya pulojekiti, mayina a midzi ndi mmene anayendera, nkhani yeniyeni n'kudzaoneka patsamba 31, a bodi atatopa kale. Inu yambani chonchi: "Mijigo 14 mwa 60 sikugwira ntchito. Isanu ndi inayi ikufunika marabala ndi marodi atsopano basi. Isanu madzi anaphwa, ikufunika kukumbanso. Tikupempha bodi ivomereze ndalama zokonzera isanu ndi inayiyo mwezi uno, za kukumba tidzakambirane pa bajeti yotsatira." Muikeponso ndalama zonse pamodzi, ndi chimene chichitike akakana. Tsambalo lathera pamenepo.

Pakati pakhale masamba anayi kapena asanu ofotokoza chifukwa chake mwasankha njira imeneyi ndi njira zina zomwe munazisiya. Membala wachidwi amafika apa.

Kenako maapendikisi, iliyonse nkhani yakeyake: A, tebulo la mjigo uliwonse, kuya kwake, tsiku lomwe munauyendera ndi vuto lake, B, mitengo ya zida ndi makoteshoni, C, zotsatira za kuyeza madzi. Chomangirira zonsezi ndi chakuti nambala iliyonse ya patsamba loyamba iloze kumene yachokera. Mukalemba kuti mijigo isanu inaphwa, onjezerani kuti "onani Apendikisi A, Tebulo 2". Injiniya akatsegula pamenepo apeze isanu ndendende.

Apa ndi pomwe malipoti ambiri amagwera. Injiniya amakonza tebulo dzulo la msonkhano, 14 n'kukhala 15, koma tsamba loyamba n'kukhalabe ndi 14. Membala mmodzi akangoona kusiyanako, lipoti lonse amalikayikira. N'chifukwa chake ine ndimati maapendikisi ayambe kutha, tsamba loyamba lilembedwe pomaliza, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye azisintha manambala.

Chinanso, apendikisi si kobisako nkhani zoipa. Ngati madzi a mjigo wina anapezeka ndi tizilombo, zimenezo zikwere patsamba loyamba ngakhale zikhale za mzere umodzi, chifukwa bodi ndiyo idzayankhe anthu akadwala.

Musanatumize, patsani tsamba loyamba lokha kwa mnzanu amene sanapite nawo kumidziko, mumufunse kuti bodi ikupemphedwa chiyani komanso ndalama zingati. Akayamba kufunsa za masamba enawo asanakuyankheni, bwererani mukalilembenso.