Kodi Chichewa chingalangize makina opanga kanema?

Funso: Ndimalemba malangizo anga m'Chichewa, kenaka ndimawamasulira m'Chingerezi pogwiritsa ntchito pulogalamu yomasulira, ndi kuwapereka kwa makina opanga kanema kuchokera ku mawu olembedwa. Ndinalemba kuti, "Jambulani mayi wachikulire akuwerenga kalata madzulo, kuchokera kumwamba, kamphindi chabe, zikhale zachisoni." Chimene chinatuluka ndi chithunzi chonga cholembedwa ndi pensulo, mayiyo akuoneka patali ngati tili m'ndege. Kodi Chichewa chilibe mawu a ntchito imeneyi, moti tizingobwereka a Chingerezi nkumati ango ponena za kaimidwe ka kamera, layiting'i ponena za kuwala, ndi mudi ponena za mzimu wa kanema, monga amanenera anzanga?

Yankho: Mawu tili nawo, ndipo pa nkhani ya kuwala tili nawo ambiri kuposa amene anzanuwo akubwereka. Chimene chachitika nchakuti mwalemba monga mmene timayankhulira ndi munthu amene tili naye limodzi, amene amadzaza yekha zimene sitinatchule. Makina monga Sora, Veo ndi Runway anaphunzitsidwa poonetsedwa makanema ochuluka pamodzi ndi mawu ofotokoza zimene zikuoneka m'makanemawo, ndipo ambiri mwa mawuwo anali a Chingerezi. Choncho chiganizo chanu chimadutsa pa zipata ziwiri, cha womasulira ndi cha makinawo, ndipo pa chipata chilichonse liwu la matanthauzo awiri limatha kutaya tanthauzo limene inu mumafuna.

Liwu loyamba lenilenilo ndi limene linakuponyani kutali. Mneni wakuti kujambula tamusenzetsa katundu wambiri zedi: mwana amajambula nyumba m'kope, wina amajambula chithunzi ndi kamera, wina amajambula mawu a nyimbo, ndipo adokotala amajambula chifuwa cha wodwala. Ine ndimakhulupirira kuti tanthauzo lakale ndi lolemba chithunzi ndi dzanja, ndipo enawa anangobwera kudzakhala nawo pamene zipangizo zatsopano zinkafika. Womasulira akaona liwuli popanda china cholitsogolera, nzosadabwitsa kuti amasankha tanthauzo la pensulo, ndipo makina amamvera. Njira yake ndi kusiya kulamula ndi kuyamba kufotokoza. Musalembe kuti jambulani. Yambani ndi kunena mtundu wa chinthu chimene mukufuna, kuti "kanema wooneka ngati wotengedwa ndi kamera, wa munthu weniweni," kenaka nenani zimene zikuoneka, m'nthawi ya tsopano.

Tsopano tifike pamene pali mtima wanga, pa timawu titatu takuti pa, ku ndi mu. Achinyamata ambiri masiku ano amatisakaniza ngati kuti tonse ntimodzi, pomwe ndi timene timauza munthu malo enieni a chinthu. Pamwamba ndi pafupi, pokhudza kapena poyandikira chinthu chimene tikunena. M'mwamba ndi mumlengalenga, mmene mumauluka mbalame. Kumwamba ndi kutali kwenikweni, kumene kuli mitambo ndi nyenyezi, ndipo m'mapemphero ndi kwa Mulungu. Inu munaika kamera kumwamba, ndipo makina anakupatsani zimene munthu amaona ali kumeneko. Komabe ngakhale mukanalemba kuti pamwamba, funso likanatsalabe: pamwamba pa chiyani, ndipo kamerayo yayang'ana kuti? Malangizo abwino a kamera amayankha mafunso atatu. Loyamba ndi msinkhu wake poyerekeza ndi maso a munthuyo: kamera ikakhala pamwamba pang'ono pa mutu wake nkuyang'ana pansi, munthu amaoneka wochepa ndi wosowa mtengo wogwira, ikakhala m'munsi nkuyang'ana m'mwamba, amaoneka wamkulu ndi wamphamvu, ikalingana ndi maso ake, woonera amamva ngati wakhala naye pamodzi. Lachiwiri ndi gawo la thupi limene likuoneka, kaya nkhope yokha, kaya kuyambira m'chiuno, kaya thupi lonse ndi chipinda chomwe. Lachitatu ndi lakuti kamera yaima kapena ikuyenda. Mukamasulira, yang'anani ngati mawu amene atuluka ali `high angle`, `low angle` kapena `eye level`, chifukwa amenewa ndi amene makina amawadziwa bwino. Mukaona `from the sky` kapena `from heaven`, dziwani kuti kumwamba kwanu kuja kwabwereranso.

Chenjezo lina laling'ono ndi la kumanja ndi kumanzere. Munthu akayang'anizana ndi kamera, dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwa woonera, choncho nthawi zonse lembani kuti "kumanzere kwa chithunzi," osati kumanzere chabe.

Pa kuwala ndi pamene ndimadandaula kwambiri ndikamva munthu akuti layiting'i, liwu lolemera pakamwa limene silinena kanthu kalikonse za kumene kuwalako kukuchokera. Ndili mwana, akuluakulu sankati madzulo pokhapokha. Ankasiyanitsa dzuwa litapendeka, dzuwa likulowa, ndi chisisira, ndipo m'mawa ankasiyanitsa mbandakucha ndi dzuwa litatuluka. Aliyense wa mawu amenewa ndi malangizo athunthu a kuwala. Dzuwa lili paliwombo, kuwala kumatsika kuchokera pamutu, mithunzi imafupika, ndipo maso a munthu amalowa mumthunzi wa chipumi chake. Dzuwa likulowa, kuwala kumabwera cham'mbali, kumakhala kofiirira, ndipo mithunzi imatalika. Pa chisisira dzuwa lapita kale, mithunzi yakuthwa kulibe, ndipo zonse zimaoneka zotuwa mopita ku buluu. Liwu lanu lakuti madzulo limakwirira zonsezi pamodzi ndi chiyambi cha usiku, motero makina anali ndi ufulu wosankha chilichonse. Tsoka lake nlakuti womasulira sangadaliridwe pa mawu okoma ngati chisisira ndi paliwombo, choncho atchuleni m'maganizo mwanu, koma polemba muwamasule: nenani chimene chikuwala, mbali imene chili, ngati kuwalako nkofewa kapena kwakuthwa, ndi mtundu wake. Akatswiri a kamera amayeza mtundu wa kuwala m'makelivini, ndipo lawi la kandulo limakhala pafupi ndi 1,900 pomwe kuwala kwa masana kumakhala pafupi ndi 5,600. Nambala yotsika ndi kuwala kofiirira, yokwera ndi koyera mopita ku buluu. Makina sayeza nambalazi monga kamera yeniyeni, choncho kutchula kandulo kapena zenera kumathandiza kuposa kutchula nambala.

Pa kutalika kwa nthawi ndimalolera kubwereka, ndipo ndimalolera ndi mtima wonse. Mphindi ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a ola, koma timalitchulanso pofuna kunena nthawi yochepa iliyonse, ndipo kamphindi ena amakagwiritsa ntchito m'malo mwa sekondi pomwe ena amangotanthauza kanthawi. Liwu lotere silingayeze kanthu. Lembani masekondi ndi nambala yake. Dziwaninso kuti pa makina ambiri kutalika kumasankhidwa pa batani lakelake, ndipo zimene mwalemba m'malangizo sizingapyole malire amenewo. Veo 3, imene kampani ya Google inatulutsa mu 2025, inayamba ndi timakanema ta masekondi 8, ndipo Sora ya kampani ya OpenAI, itatsegulidwa kwa anthu mu Disembala 2024, inkafika masekondi 20. Phindu lenileni la kutchula nthawi lili pa kukukakamizani kuyeza zochitika. M'masekondi 8 mumakwana chochitika chimodzi chachikulu ndi kayendedwe kamodzi ka kamera. Mukalemba kuti mayiyo alowe m'chipinda, akhale pansi, atsegule kalata, awerenge, kenaka alire, makina adzachita chimodzi mwa ziwiri: adzathamangitsa zonse mpaka manja ndi pepala zisokonekere, kapena adzasiya zina osazichita. Mukaona zala zikusungunukira m'pepala kapena nkhope ikusintha pakati pa kanema, yambani mwachepetsa zochitika.

Chatsala ndi chimene anzanu akuti mudi, chimene ine ndingachitche mzimu wa kanema, kapena mmene woonera akuyenera kumvera mumtima. Chichewa chimanena zimenezi mwaluso ndi timawu tofanizira, monga kuli zii, kapena wangoti ndwii, koma timawu timeneti sitiwoloka bwino pomasulira, ndipo kawirikawiri timasiyidwa momwemo kapena kutayidwa. Nalonso liwu lakuti zachisoni, likaima lokha, limakoka makina ku chizindikiro chodziwika kwambiri cha chisoni, chimene ndi misozi ndi nkhope yokwinyika mopitirira. Ndibwino kulitchula kamodzi, kenaka nkulipatsa thupi: mapewa ogwa, kupuma pang'onopang'ono, chipinda chopanda munthu wina, mitundu yosawala. Pewaninso kulemba zimene simukufuna, monga kuti asalire, chifukwa makina ambiri amagwira liwu lakuti kulira nkusiya kachidutswa kotsutsa kaja. Nenani chimene chilipo, kuti maso ake ndi ouma ndipo milomo yake yatsekeka.

Malangizo anu aja, atalembedwanso, angakhale otere:

```
Kanema wooneka ngati wotengedwa ndi kamera, masekondi 8.
Mayi wachikulire wakhala pampando, akuwerenga kalata,
kenaka akuitsitsa pang'onopang'ono pamiyendo pake.
Kamera ili pamwamba pang'ono pa mutu wake, yayang'ana pansi,
ikumuonetsa kuyambira m'chiuno. Kamera yaima malo amodzi.
Dzuwa likulowa; kuwala kofewa, kofiirira, kukulowera pazenera
la kumanzere kwa chithunzi; mbali ina ya nkhope ili mumthunzi.
Chisoni chachete: mapewa agwa, maso ndi ouma, ali yekha.
```

Onani kuti ziganizo zake nzazifupi ndipo chilichonse chanyamula nkhani imodzi. Ndachita dala zimenezi, chifukwa Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi mu timawu tolowa m'malo mwa dzina, ndipo chiganizo chikatalika, womasulira amatha kusandutsa mayi uja kukhala bambo pakati pa ndime. Ulemu wathu nawonso umasokoneza: mukalemba kuti "agogo akhala pampando," a- waulemuyo angamveke ngati wochulukitsa, ndipo mungapeze okalamba awiri m'chipindamo. Nchifukwa chake ndalemba kuti wakhala, ngakhale kuti pakamwa panga sizikukoma kunena motero za munthu wamkulu, ndipo ndawonjezera kuti ali yekha.

Mukamasulira, bwezaninso mawuwo m'Chichewa musanawapereke kwa makina, ndipo muone ngati kamera, zenera ndi nambala ya anthu zili pomwe munaziika. Kanema akatuluka molakwika, sinthani mzere umodzi wokha nkuyesanso, pokumbukira kuti malangizo omwewo satulutsa kanema wofanana ndendende kawiri, choncho chimene chalakwika kamodzi chingakhale mwayi chabe, koma chimene chikulakwika mobwerezabwereza chili m'mawu anu. Kamera ndi sekondi ndazilandira, pakuti zimatchula zinthu zimene tinalibe dzina lake. Ango, layiting'i ndi mudi ndikuzikana, chifukwa munthu amene wazitchula amakhala asananenebe kuti kamera ili pati, kuwala kukuchokera kuti, ndipo nkhope ya munthuyo ikuoneka motani.