Girafu ya malonda a tsiku ndi tsiku ikungolumphalumpha, ndiisalaze bwanji?

"Muli bwanji achimwene. Ndili ndi kashopu ka zakumwa ndi buledi ku Kapata kuno ku Chipata ndipo ndimalemba malonda a tsiku lililonse mu Excel. Girafu yake imangokwera kutsika ngati mano a sowo, sindiona chilichonse. Mwana wanga anaikapo `Moving Average` ya masiku 30, mzere unasalala bwino koma malonda atagwa zoona mwezi watha ine ndinadziwira m'thumba, girafu inali isananene kanthu. Ndichite bwanji?"

Ndili bwino amayi, zikomo polemba. Mwana wanu njira anaipeza, pavuta ndi pa 30 paja basi, ndiye tiyeni tiyambire pomwepo.

Avereji yoyenda ndi kungotenga masiku angapo otsatizana, kuphatikiza, kugawa, mawa lake mutaya tsiku lakale kwambiri mulowetsa latsopano. Nkhani yonse ili pa kuchuluka kwa masikuwo. Tiyerekeze kuti sabata yanu imayenda chonchi: Lolemba K800, Lachiwiri K750, Lachitatu K820, Lachinayi K780, Lachisanu K1,100, Loweruka K1,400, pa Sondo K300 poti anthu ali kutchalitchi ndipo mwina mumatsegula masana okha. Zonse pamodzi K5,950, kugawa ndi 7 ndi K850. Mano a sowo mukuwaonawo ambiri ndi amenewa, Loweruka pamwamba Sondo pansi sabata ndi sabata, bizinesi isanasinthe ngakhale pang'ono.

Nchifukwa chake ine pa malonda a tsiku ndi tsiku ndimayambira pa 7 nthawi zonse. Masiku 7 alionse otsatizana, kaya muyambire Lachitatu kaya Lachisanu, mkati mwake muli Loweruka limodzi ndi Sondo imodzi ndiye zimafafanizana zokha, mzere umakhala phee pa K850. Yesani masiku 5 muone, kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka mupeza K970, kuyambira Sondo mpaka Lachinayi mupeza K690, mzere ukugwedezekabe pomwe palibe chachitika mushopu, ndipo kugwedezeka kumeneko nkoopsa kuposa mano a sowo aja chifukwa kumaoneka ngati nkhani yeniyeni.

Tsopano za 30. Tinene kuti pa 10 wina watsegula shopu pafupi nanu ndipo kuyambira tsiku limenelo mukutaya K210 tsiku lililonse. Mzere wa masiku 7 uzitsika ndi K30 patsiku, pofika pa 16 wafika kale pa K640, pomwe pali malonda anu enieni tsopano. Wa masiku 30 uzitsika ndi K7 yokha patsiku, sabata yonse kutha watsika K49, pagirafu simungaione nkomwe imeneyo, ndipo kuti ufike pansi penipeni mudikira mwezi wathunthu. Ndi zomwe zinakuchitikirani. Kuchedwa kwake mutha kukuwerengera nokha: chotsani 1 pa masiku mwasankhawo, gawani pawiri. Ya 7 imatsalira m'mbuyo masiku 3, ya 30 masiku 14 ndi theka. Ndipo ngati malonda agwa sabata imodzi nkubwereranso, ya 30 imangomeza dzenje lonselo nkutsala kachigwa kosaoneka.

Masiku 3 ajanso pali njira yowakonzera mukamayang'ana zam'mbuyo. Tinene madeti ali mu A, malonda mu B, kuyambira mzere wachiwiri. Anthu ambiri amalemba fomula iyi mu C8 nkukokera pansi:

```
=AVERAGE(B2:B8)
```

Inu lembani fomula yomweyomweyo osasintha kanthu, koma mu C5, pa tsiku lapakati pa masiku 7 aja, atatu kumbuyo atatu kutsogolo. Mukatero pokhotera mzere pamagwera pa deti yake. M'chitsanzo chathu uyamba kutsika pa 7 nkumaliza pa 13, pakati pake ndi pa 10 pomwe zinachitikira. Apa samalani, kuyamba kutsika pa 7 sikutanthauza kuti makasitomala anayamba kuthawa pa 7, ndi avereji yomwe ikusuzumira kutsogolo, inu muziwerenga pakati pa chitsetsocho. Mtengo wa njira iyi ndi woti masiku 3 omaliza alibe nambala poti zamawa simunagulitse. Asiyeni opanda kanthu, musakokere fomula mpaka pansi chifukwa izigawa masiku 6, 5 kapena 4 okha ndipo kumchira kwa mzere kuzikhota monama, malo omwewo amene maso anu amathamangira poyamba. Ija ya pa `Add Trendline` yomwe ndikuganiza mwana wanu anagwiritsa ntchito imayang'ana kumbuyo kokha, nchifukwa chake ine ndimakonda kulemba fomula ndekha.

Chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku limodzi lalikulu. Nc'wala ikafika kumapeto kwa Febuluwale anthu nkudzaza tauni popita ku Mtenguleni, kapena wina wabwera ndi oda ya zakumwa za ukwati, Loweruka limodzi mwagulitsa K4,900 m'malo mwa K1,400. K3,500 yapamwambayo kugawa ndi 7 ndi K500, ndiye mzere ulumpha kuchoka pa K850 kufika pa K1,350 nkukhala pomwepo masiku 7 ngati tebulo, kenako tsiku lachisanu ndi chitatu ugwa kamodzinkamodzi. Munthu amaona kugwako mtima nkuyamba kugunda kuti bizinesi yafa, pomwe tsiku limenelo malonda anali bwinobwino, langotuluka m'chiwerengero ndi tsiku la ukwati lija. Chizindikiro chake ndi chomwecho, kukwera kwadzidzidzi, pamwamba pafulati masiku 7 ndendende, kutsika kwadzidzidzi. Kuti mutsimikize ikani iyi pambali:

```
=MEDIAN(B2:B8)
```

Imeneyi imasanja manambala kuyambira yaing'ono nkutenga yapakati, pa sabata yathu ndi K800, ndipo Loweruka likhale K1,400 kapena K4,900 iyo ikhalabe K800. `AVERAGE` ikalumpha `MEDIAN` ili chikhalire, ndi tsiku limodzi chabe. Zikatsika zonse ziwiri nkukhala pansi, pamenepo khalani tsonga.

Nanga za lero lenileni, poti mzere wapakati uja umathera masiku 3 kumbuyo? Ine ndimafanizira tsiku ndi mnzake wa sabata yatha, Lachiwiri ndi Lachiwiri, Loweruka ndi Loweruka. Mu D9 lembani `=B9-B2` nkukokera pansi. Kutsika tsiku limodzi kapena awiri sindikuwerengera, mwina kunali mvula kapena magetsi anazima firiji nkutentha. Koma masiku 5 kapena 6 otsatizana onse ali pansi pa anzawo, ndipo si kuti sabata yathayo inali ya malipiro a kumapeto kwa mwezi, ineyo ndimatenga kuti china chake chasintha ndithu. Za malipirozi muzizikumbukira, avereji ya 7 sichotsa kukwera kwa kumapeto kwa mwezi, muziona kaphiri mwezi uliwonse ndipo nkoona, muzingokafanizira ndi ka mwezi watha.

Pojambula girafuyo mzere wa tsiku ndi tsiku musauchotse ayi, ngakhale ukukunyansani. Upangeni woonda wotuwa, wa avereji ukhale wonenepa pamwamba pake, kuti mzere wonenepawo ukachita zachilendo muziona pansi pake tsiku lomwe lauchititsa.

Kanthu kena muone musanayambe: masiku omwe munatseka, tinene munapita kumaliro ku Katete masiku awiri. `AVERAGE` imalumpha bokosi lopanda kanthu koma 0 imamuwerengera, ndiye mukalemba 0 mzere uzama sabata yonse ngati makasitomala athawa. Siyani deti ilipo, pa malonda pakhale popanda kanthu, ndipo mulembe pambali kuti munatseka. Mzere wa detiyo musaufufute chifukwa mizere 7 sikhalanso sabata imodzi. Ngati pa Sondo simutsegula konse ndipo simulemba nkomwe, sabata yanu ndi ya masiku 6, ndiye fomula ikhale `=AVERAGE(B2:B7)`, ndipo yofanizira tsiku ndi mnzake ija ikhale `=B8-B2` mu D8.