Denga likudontha, eni nyumba ali ku Tete: uthenga wa pa foni kapena kalata?

"Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimachita renda nyumba ku Ulongwe, 3,500 metikali pa mwezi. Denga la kuchipinda likudontha ndipo phaso limodzi lawola. Mmisiri wati zonse zikwana 9,000. Eni nyumba amakhala mumzinda wa Tete, ndipo pa foni anangoti, ‘Konzani, tidzaonana.’ Kodi ndingowalembera pa WhatsApp, kapena mpaka kalata? Ndi munthu wamkulu, ndikuopa angaone ngati ndikuwazenga mlandu."

Mayi, lembani kalata, ndipo musagule lata ngakhale limodzi iwo asanasaine. WhatsApp ikhale mthenga wokanena kuti kalata ikubwera.

Ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawu aja akuti "tidzaonana". Inu mwamva kuti adzakubwezerani ndalama. Iwo mwina akutanthauza kuti adzabwera kudzaona ntchitoyo, kapena kuti mudzagawana pakati. Ndalama ya mmisiriyo ikuposa renda ya miyezi iwiri ndi theka. Mukakonza, kenaka n'kuyamba kutumiza renda yoperewera popanda chilolezo cholembedwa, pa M-Pesa kapena e-Mola pazidzangooneka kuti mwalipira mosakwanira. Makina salemba chifukwa. Tsiku limene mudzasemphane mawu, inu ndi amene mudzaoneke wangongole, ndipo kusalipira renda ndi chifukwa chokwanira choti eni nyumba ayambe zokutulutsani. Denga latsopanolo lidzatsala pa nyumba yawo.

Sindikunena kuti uthenga wa pa foni ulibe mphamvu. Kuno ku Mozambiki kuli lamulo la zochitika pa makina, nambala 3/2017, ndipo uthenga sukanidwa chifukwa chongoti unalembedwa pa foni. Vuto ndi mmene timalembera mauthengawo komanso mmene timawasungira. Munthu amayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, kapena amangoti "chabwino", osadziwika kuti wavomera ndalamazo kapena wangoti wamva. Ena amatumiza mawu ojambula, ndipo pa bwalo palibe amene amakonda kumvetsera mphindi zisanu za moni kuti apezemo chiganizo chimodzi. Wotumiza angathe kufufuta uthenga wake mbali zonse ziwiri m'masiku awiri oyambirira. Timizere tabuluu n'totheka kutizimitsa, ndiye simungatsimikize kuti anawerenga. Nanga foni ikagwera m'madzi, kapena iwo akasintha nambala n'kunena kuti ijayi inali ya mwana wawo?

Muyezo umene ine ndimatsata ndi uwu: uthenga umakwanira pamene ukungodziwitsa chinthu chimene sichisintha pangano lanu. Kunena kuti renda mwatumiza, kuti mmisiri abwera Loweruka, kuti mpopi wasiya kutuluka madzi, zonsezo foni ikwanira. Koma nkhani ikakhudza kuchuluka kwa ndalama, tsiku lotuluka m'nyumba, ndalama ya chikole imene munasiya polowa, kapena kusintha chinthu pa nyumba ya eni ake, pafunika pepala lokhala ndi masaini awiri. Yanuyi ikukhudza ziwiri mwa zimenezi nthawi imodzi.

Musanalembe, ngati muli ndi kontirato, iwerengeni kaye. Makontirato ena amanena amene ayenera kukonza zowonongeka, ena amaletsa wochita renda kukonza chilichonse popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ena amatchula njira yodziwitsirana. Zikalembedwamo, tsatani zomwezo. Ngati munangogwirizana pakamwa monga ambiri a ife timachitira, ndiye kalatayi ikhala pepala loyamba losonyeza kuti renda yanu ndi zingati, chimene chili phindu lina.

Kalatayo isatalike, tsamba limodzi basi. Pamwamba lembani Ulongwe ndi tsiku, dzina lanu lonse ndi lawo monga alili pa chitupa, bairu ndi malo amene nyumbayo ili. Mukapereka moni, thunthu lake likhoza kuyenda chonchi:

"Bambo, monga tinakambirana pa foni, denga la kuchipinda likudontha ndipo phaso limodzi lawola. Mmisiri wawerengera 9,000 metikali, pepala lake ndaphatikiza. Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndilipire ndine, kenaka ndizichotsa 1,500 pa renda mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Disembala mpaka Meyi. Pa miyezi imeneyi ndizilipira 2,000, ndipo mu Juni ndidzabwerera pa 3,500. Ndikatuluka m'nyumbayi nthawiyi isanathe, yotsalayo mudzandibwezera."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Anthu ambiri amaiwala kuti eni nyumba angathe kugulitsa nyumba kapena kuifuna mwadzidzidzi. Onaninso kuti ndagawa ndalamayo pa miyezi ingapo. Mukanati musalipire miyezi iwiri yathunthu, munthu amene amadalira renda yomweyo kugulira chakudya akanakana msanga. Ikani chiganizo china choti mtengo ukakwera, monga mmisiri akasasula malata n'kupeza kuti phaso lina lawolanso, mudzayamba mwawafunsa musanaonjezere ndalama. Pansi siyani malo oti iwo alembe kuti avomera, tsiku, ndi saini.

Za chilankhulo, ngati nonse mumamvana bwino m'Chinyanja, lembani momwemo kuti aliyense amvetse chimene akusainira. Komabe pezani munthu wodziwa kulemba akukonzereni ya Chipwitikizi yonena zofanana ndendende, popeza nkhani ikafika ku ofesi kapena ku khoti la boma, mapepala amayenda m'Chipwitikizi. Zonse zikhale ziwiriziwiri, yawo ndi yanu.

Tsopano pa mantha anu aja. N'zoona kuti kwathu kuno pepala likangofika mwadzidzidzi, munthu wamkulu amaona ngati wasumiridwa. N'chifukwa chake WhatsApp kapena foni itsogole. Awuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, zija tinakambiranazi ndazilemba kuti ine ndisasokoneze masamu, komanso kuti ana anu adziwe mukakhala kuti mwachokapo." Simukunama, chifukwa pepalalo likuwatetezanso iwo: simungadzawauze kuti munawononga 15,000. M'kalatamo musatchule khoti, musaopseze, ndipo musakumbe zakale.

Popeza iwo ali kutali, kalatayo perekani kwa munthu wodalirika wopita ku Tete, abwere nayo yosainidwa. Ngati ali ndi m'bale amene amatolera renda ku Ulongwe, angathe kusainira kuti walandira kalata, koma chilolezo chenichenicho chichokere kwa mwini, pokhapokha ngati m'baleyo anapatsidwa mphamvu zolembedwa. Mvula ikapanikiza, eni nyumbawo ajambule pepala losainidwalo, akutumizireni chithunzi pa nambala yawo, ndipo lenilenilo litsatire pambuyo. Ndi bwinonso kuonetsa kope lanu kwa sekeretariyo wa bairu kapena mkulu wa kwarterawu, chifukwa mikangano ya renda imayambira kwa iwowo isanafike ku bwalo la m'dera.

Akapanda kuyankha pakatha sabata, kapena akakana kusaina, pitirizani kulipira 3,500 yonse. Jambulani denga ndi katundu amene wanyowa, tumizani kalata yachiwiri yotchula yoyamba ija ndi tsiku lake, ndipo pemphani sekeretariyo kuti akukhazikeni pansi nonse. Podikirapo, mmisiri atseke podontha ndi pulasitiki kapena phula, zimene sizidya ndalama zambiri. Akasaina, gulani malata ndi misomali pa sitolo yopereka lisiti, mmisiri asainire ndalama yake, ndipo mwezi uliwonse potumiza 2,000 muzilemba pa WhatsApp kuti mwachotsa zingati ndipo zatsala zingati.