Homuweki yafika yopanda kanthu, anawo ndiwalembere chiyani?

"Ndimaphunzitsa Bayoloje giredi 11 kuno ku Matero. Ndinaika pepala la mafunso la PDF pa Google Classroom, koma ana ena ntchito yawo yafika yopanda kanthu, pomwe iwo akulumbira kuti anayankha. Ndiwalembere chiyani kuti atumizenso bwino?"

Aphunzitsi, musanalembe chilichonse yambani mwatsegula ntchito ya mwana aliyense payekha muone chimene chafika. Mukangolemba kuti "yafika yopanda kanthu, tumizanso" mwanayo adzatumiza fayilo yomweyo, mwa njira yomweyo, ifikanso chimodzimodzi, bandulo yathera pachabe ndipo nonse awiri mwakhumudwa.

Ena simupezapo fayilo konse. Mwana akapanda kuikapo kanthu batani limene amaona limakhala Mark as done osati Turn in, ndiye amadina, kwa inu kukuoneka ngati wapereka. Ena fayilo ilipo, dzina lake lili bwinobwino koma kukula kwake ndi 0 KB, apo ndiye kuti inaduka panjira, mwina netiweki inathawa kapena foni inadzaza pamene amaisunga. Imeneyo musavutike nayo, mulibe chilichonse chopulumutsa.

Koma poti mwati PDF, ine mtima wanga uli pa vuto lina, lija loti mafunso anu onse akuoneka koma mipata ya mayankho ili mbee. Apa ana ambiri sakunama ayi. Mwana amatsegula pepalalo pafoni, nthawi zambiri ya amayi ake kapena ya achimwene, nkulemba mayankho m'mipatamo, akuwaona ndi maso ake, koma apu imene watsegulira sinasunge, kapena yasunga kope latsopano kwina, ndiye pofika potumiza amasankha ija yoyamba anadawunilodi imene sanaikhudze. Nthawi zinanso mayankho alimo ndithu koma sakuoneka pamene mukuonera mkati mwa Classroom. Choncho idawunilodini kaye muitsegule pakompyuta ndi pulogalamu ina yowerengera PDF, ndaonapo mayankho akutulukira motero mwana atatsala pang'ono kupatsidwa ziro.

Zikakanikabe ine sindiuza mwana kuti alimbanenso ndi PDF ija. Alembe m'kope, ajambule. Uthenga wake ndimalemba chonchi, ndipo ndimautumiza pa Private comments kuti anzake asaone:

"Mwanawe, ndatsegula homuweki yako ya kagayidwe ka chakudya lero m'mawa. Fayilo yafika, mafunso onse 8 akuoneka, koma mipata ya mayankho ilibe kanthu. Sindikuti sunalembe, zimachitika foni ikapanda kusunga. Lemba mayankho onse 8 m'kope lako ndi bolopeni, uike dzina lako ndi nambala ya funso lililonse, ujambule tsamba lililonse palokha pamalo owala, ndi chojambula cha funso 6 chomwe. Ukatsegula ntchitoyi dina Unsubmit, chotsa fayilo yakale, ika zithunzizo, udikire zonse zimalize kukwera kenako dina Turn in. Ukatero tsegula chithunzi chilichonse uone ngati chikuwerengeka. Zindipeze pofika Lachinayi 5 koloko madzulo. Sindikuchotsera malikisi chifukwa cha zimenezi. Zikakuvuta bwera nalo kopelo m'kalasi Lachisanu."

Pa Unsubmit paja musadumphepo. Mwana akapereka ntchito sangaikenso fayilo ina mpaka ataibweza kaye, ndiye ambiri amafika pamenepo nkuona kuti palibe podina, basi nkusiya osakuuzani. Dziwaninso kuti akaibweza nkuperekanso tsiku lomaliza litadutsa, Classroom idzalemba kuti wapereka mochedwa, nchifukwa chake nkhani ya malikisi ndimaitchula poyera, apo ayi mwana amaopa kudina.

Za tsiku, apatseni masiku awiri kapena atatu. Kuno kwathu mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama mwina foni amaigwira usiku wokha amayi akabwera kuchokera ku Soweto Market, malaiti akazimanso ndiye kutchaja kwavuta, ndiye kunena kuti "tumiza lero lomwe" nkungomulepheretsa.

Amene sanaikepo fayilo konse ndi amene yawo ili 0 KB, uthenga ndi womwewu, mungosintha chiganizo chachiwiri chinene chimene mwaona kwa iyeyo, monga "palibe fayilo iliyonse yafika" kapena "fayilo yafika koma ili 0 KB, siikutseguka". Nanga wina akakuuzani kuti mayankho akadali pafoni pake akuwaona, musamulembetsenso zonse, atenge masikirinishoti a tsamba lililonse atumize amenewo.